Khadi Logulira Kapena Katundu M'manja: Mphatso ya Munthu Amene Simukumudziwa Bwino

Chaka chikamapita kumapeto, magulu ambiri kuno ku Milepa amalemba mayina pa timapepala. Kubanki m'khonde, kwa amayi a Mvano, kukwaya, ngakhale pakati pa aphunzitsi kusukulu, aliyense amatola kapepala kopindapinda m'mbale, ndipo dzina limene wapezalo ndiye mnzake wachinsinsi woti amugulire mphatso. Nthawi zambiri limakhala dzina la munthu amene mumangopatsana naye moni panjira. Simunalowepo m'nyumba mwake, simudziwa chimene ali nacho ndi chimene akusowa. Vuto lomweli limabweranso mphwanu akamakwatira mtsikana wa ku Phalombe amene munangomuona kamodzi pachinkhoswe, kapena mayi amene wangobwera kumene kudzachita lendi pafupi nanu akachira, inu n'kufuna kukaona mwana.

Kale funso linali limodzi: ndigule chiyani? Masiku ano ana athu a m'tauni ndi a ku Joni abweretsa lachiwiri. Amati musavutike n'kusankha, ingomupatsani khadi akadzisankhire yekha kusitolo. Malangizowa ali ndi nzeru yake, koma anabadwira kumalo kumene sitolo yaikulu ili pafupi ndi nyumba. Kabuku kano kakuthandizani kuona ngati khadi lingamuthandizedi munthu wa kuno, ndi chimene mungachite ngati silingatero.

Khadi logulira ndi chiyani kwenikweni

Ena amaliti vocha, ena gifiti khadi. Mumapita kusitolo yaikulu imene ili ndi makadi otere, mumalipira ndalama imene mwakonza, ndipo wogulitsa amailowetsa pakhadi kapena kukulemberani pepala lokhala ndi nambala. Wolandira mphatsoyo amapita nalo kusitoloko, amatenga katundu wokwana ndalamayo, n'kupereka khadi m'malo mwa ndalama. Amene munalandirapo makuponi a feteleza, amene anayamba mu 2005, mukuidziwa kale nkhani yake. Kuponi sinali feteleza. Inkasanduka feteleza pokhapokha mutafika pamalo oyenera, pa nthawi yake, katundu alipo. Khadi logulira lilinso chimodzimodzi.

Choyamba choti mudziwe n'chakuti khadi limagwira ntchito kusitolo imene yalitulutsa basi, kapena kunthambi zake. Simungagulire nalo matemba pamsika wa Milepa, simungalipirire nalo kuchigayo. Chachiwiri, masitolo ambiri sabweza chenji cha ndalama pa khadi. Mukagula zosakwana, yotsalayo imakhalira pakhadipo mpaka mudzabwerenso, ndipo pa mavocha ena a pepala imangotayika. Chachitatu, makadi ambiri ali ndi tsiku lothera ntchito. Ndipo khadi likatayika, nthawi zambiri amene walitola akhoza kugulira, chifukwa silikhala ndi dzina la mwini wake.

Palinso zinthu ziwiri zimene ogula makadi amaziiwala. Ndalama ya pakhadi simakula, pamene mitengo ya katundu imakwera. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo m'masitolo inakwera posakhalitsa. Amene anasunga khadi m'chikwama nthawi imeneyo anakagula zochepa kuposa zimene wopereka ankaganiza. Komanso khadi limakhala ndi moyo ngati sitolo yake ili ndi moyo. Ambirife tinakula tikugula ku PTC, masitolo amene anali pafupifupi m'boma lililonse, koma mu 2022 anatsekedwa. Pepala lolonjeza katundu wa m'sitolo yotsekedwa silingakupatseni ngakhale machesi.

Werengerani ulendo musanagule khadi

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife a ku Milepa. Masitolo akuluakulu amene mungayembekezere kupezako makadi otere ali ku Limbe, ku Blantyre ndi ku Zomba. Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi manambala ongoyerekeza. Inu muikepo mitengo ya tsiku limene mukuwerenga.

Tinene kuti gulu lagwirizana kuti mphatso ikhale ya K20,000, ndipo inu mwagula khadi la ndalama imeneyo. Mnzanuyo kuti akagule ayenera kukwera galimoto. Tinene kuti ulendo wopita ndi K5,000, wobwerera K5,000. Afika m'sitolo, asankha zimene akufuna, zakwana K18,600. Kanthu kena kalikonse kamene akukafuna kakupitirira ndalama yotsalayo, ndipo m'thumba mwangotsala ya ulendo wobwerera, ndiye K1,400 ija yatsalira pakhadi. Pa K20,000 yanu, iye wabwera ndi katundu wa K18,600 koma watulutsa K10,000 yakeyake. Phindu limene lalowa m'nyumba mwake ndi K8,600. Sitinawerengere kabaza wochokera kumudzi kukafika pamsewu, sitinawerengere chakudya cha masana, ndipo sitinawerengere tsiku lathunthu limene wataya mu Disembala, nthawi imene udzu sudikira munthu m'munda.

Zimene zimachitika kawirikawiri n'zoposa pamenepa: munthuyo sapita n'komwe. Amaika khadi mu Baibulo kapena m'chikwama cha makadi a kusikelo, akuti ndidzagulira ndikadzakhala ndi ulendo. Ulendowo umabwera patapita miyezi, mwina wa kuchipatala cha Gulupu kukaona wodwala, ndipo tsiku limenelo za kusitolo sizikhala m'mutu. Sadzakuuzani, chifukwa palibe amene amadandaula za mphatso kwa woipereka. Inu mudzakhala mukuganiza kuti munamuthandiza.

Choncho funso loyamba si lakuti munthuyu amakonda chiyani. Funso ndi lakuti, kodi ali kale ndi ulendo wopita kumene kuli sitoloyo? Mphunzitsi kapena namwino amene amapita ku Limbe mwezi ukatha, mayi amene amakaoda katundu kumeneko sabata ndi sabata, mwana wasukulu amene akuphunzira ku Zomba, amenewa khadi likhoza kuwakomera, chifukwa ulendo auwerengera kale pa zina. Kwa agogo a kumudzi kapena mayi wa mwana wakhanda, khadi la m'tauni ndi ntchito imene mwawapatsa.

Katundu wosankha nayenso amaphonya

Tisanamize kuti kugula katundu n'kopanda vuto. M'nyumba zambiri muli nsapato zothina zimene zinabwera ngati mphatso, makapu a galasi amene sanachokepo m'katoni, ndi ketulo ya magetsi m'nyumba yopanda magetsi. Katswiri wina wa zachuma wa ku Amereka, Joel Waldfogel, anafufuza nkhaniyi mu 1993. Anafunsa ophunzira a kuyunivesite za mphatso zimene analandira pa Khirisimasi, kuti ayerekeze mtengo umene zinagulidwira ndi mtengo umene iwo eni akuziona kuti n'zoyenera. Anapeza kuti pa ndalama yogulira mphatso, gawo limodzi mwa magawo khumi, mwinanso mpaka limodzi mwa magawo atatu, limatayika chifukwa wolandira sakanagula chinthucho pa mtengo umenewo. Mphatso zimene zinkaphonya kwambiri zinali zochokera kwa achibale amene sakhala pafupi ndi wolandirayo, monga azakhali, amalume ndi agogo. Anthu amene anafunsidwawo ndi osiyana nafe, koma chimene anapezacho tikuchidziwa tonse: ukamamudziwa pang'ono munthu, m'pamene umaphonya kwambiri.

Katundu amene amaphonya ali ndi zizindikiro zake. Woyamba ndi wofuna muyeso wa thupi, monga nsapato, diresi, buluku ndi zovala za mkati. Kungomuona munthu atavala chitenje kutchalitchi sikungakuuzeni saizi yake, ndipo zovala za pakaunjika sizibwezedwa. Wachiwiri ndi wokhudza khungu ndi fungo. Mafuta odzola amene inu amakuyanjani mwina iye amamutulutsa ziwengo, ndipo mankhwala a m'khwapa kapena mswachi, ngakhale mutapereka ndi mtima wabwino, munthu wosakudziwani akhoza kumva ngati mukumunena. Wachitatu ndi wofuna chinthu china kuti agwire ntchito: ayironi ya magetsi, nyale yofuna mabatire osowa, chaja ya foni imene simukudziwa mtundu wake. Mbewu nayonso ili m'gulu lomweli. Simungamugulire munthu mbewu ya chimanga musakudziwa munda wake ndi mtundu umene amadzala.

Wachinayi ndi wofunika kuusamala kwambiri kuno ku Chiradzulu, kumene Asilamu ndi Akhristu a mipingo yosiyanasiyana timakhala moyandikana ndi kukwatirana. Kwa Msilamu simungapititse nyama imene simukudziwa amene anazinga. Ngati mukufuna kupereka nkhuku, iperekeni yamoyo, ndipo ikhale yochokera m'khola lopanda chitopa, kuopa kukapha za mnzanu. Kwa a Seveni Dei musapititse milamba, ndipo ambiri a iwo samwa tiyi wa masamba kapena khofi. Mowa ndi vinyo zisiyeni ngati simukumudziwa bwino munthuyo. Chitenje nachonso chiyang'aneni bwino: cha chipani, cha mpingo, kapena cholembedwa mawu a chipembedzo chikhoza kumuika mnzanu pamalo ovuta. Kwa mwana wakhanda musagule botolo loyamwitsira kapena mkaka wa m'chitini. Achipatala amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mphatso yanu isakhale yosokoneza zimenezo.

Katundu amene saphonya kawirikawiri ndi uja amene nyumba iliyonse imagwiritsa ntchito, wopanda saizi, amene ngakhale alipo kale wina savuta kukhala ndi wachiwiri. Chitenje cha maluwa wamba cha mamita awiri chimavalidwa, chimaberekera mwana, chimafundidwa, ndipo ngati mtundu wake sunamusangalatse akhoza kukachipereka kwa apongozi ake popanda manyazi. Beseni, ndowa ya chivindikiro, poto wapakatikati, sopo wochapira, mafuta ophikira, mpunga ndi shuga zili m'gulu lomweli. Ena amati mphatso zoterezi n'zosaganizira. Ine ndimaona kuti kwa munthu amene simukumudziwa, kuganizira kwenikweni ndi kumupatsa chimene sichidzamuvutitsa.

Funsani, koma funsani woyenera

Kunena zoona, kumudzi kulibe munthu wosadziwika. Inu simukumudziwa, koma alipo amene akumudziwa. Kubanki m'khonde mlembi amadziwa bizinesi ya aliyense chifukwa ndiye amalemba ngongole. Kumpingo kuli wapampando wa amayi. Pa ukwati pali ankhoswe, ndipo amayi amene akulangiza mkwatibwi amadziwa ziwiya zimene zagulidwa kale. Mphindi zochepa ndi mmodzi wa amenewa zimaposa tsiku lathunthu lozungulira msika.

Musafunse kuti amakonda chiyani, chifukwa yankho lake limakhala lakuti chilichonse. Funsani zinthu zimene munthu angathe kuyankha motsimikiza. Amapemphera kuti? Kunyumba kwake kuli magetsi? Ali ndi ana amisinkhu yanji? Amapanga geni yanji? Amapitapita kutauni? Foni ndi yake kapena ya abambo akunyumba? Mayankho a mafunso amenewa ndi amene amasankha pakati pa khadi ndi katundu.

Chitsanzo: mphatso ya a Nambewe

Tiyerekeze mayi wina wa m'gulu la banki m'khonde, timutche a Nambewe. Gulu lagwirizana za K20,000, ndipo iwo atola dzina la mtsikana amene walowa m'gululi miyezi ingapo yapitayo, amene amangomudziwa kuti mayi a Yusufu. Mwana wa a Nambewe amene amagwira ntchito ku Blantyre wawauza pafoni kuti, "Amayi, musavutike, ndikugulirani khadi kuno, ndikupatsirani munthu Loweruka."

A Nambewe asanavomere akumana ndi mlembi pochokera kumjigo. "Achemwali, mayi a Yusufu aja amakhala chakuti? Ndikufuna ndingodziwa." Mlembi akuseka, wazindikira kale, koma akuyankha. Mtsikanayo amachita lendi kuseri kwa msika, nyumba yopanda magetsi. Ndi Msilamu. Mwana ali ndi miyezi inayi. Amakazinga mandasi m'mawa n'kukagulitsa pamsika, ndipo ngongole imene anatenga m'gulu inali yogulira ufa wa tirigu ndi mafuta. Foni ndi ya mwamuna wake, amene amachoka nayo m'mawa kupita kukamanga nyumba za anthu.

Taonani mmene mayankhowa akuchotsera njira imodziimodzi. Khadi la ku Blantyre lagwa, chifukwa mayi wa khanda amene amadalira kugulitsa tsiku ndi tsiku sangatseke geni kukagula zinthu za K20,000. Kutumiza ndalama pafoni kwagwanso, chifukwa idzafikira m'manja mwa mwamuna, ndipo ngakhale atakhala munthu wabwino, ikhoza kulowa ku lendi mwini mphatso asanaione. Zamagetsi zagwa. Zovala za mwana n'zokayikitsa, popeza a Nambewe sanamuonepo mwanayo ndipo makanda amakula msanga.

Chimene chatsala chikuoneka chokha. Tinene kuti chitenje chabwino chili pa K8,000, ndipo ndowa yoonekera mkati ya chivindikiro, ija ogulitsa mandasi amagwiritsa ntchito, ili pa K5,000. Zatsala K7,000. A Nambewe sakudziwa ngati mtsikanayo panopa akusowa ufa, mafuta kapena shuga, ndiye m'malo molota akufunsa mlembi golosale imene amaodako, n'kukasiya K7,000 kumeneko kuti akatenge yekha chimene akufuna. Pa tsiku lopatsana mphatso ali ndi chinthu chooneka choti avine nacho n'kupereka pamaso pa gulu, ndipo m'ndowamo muli kapepala ka kugolosale. Wolandirayo sakwera galimoto, sataya tsiku, ndipo gawo lina la mphatso wasankha yekha.

Dzinalo likanakhala la mphunzitsi wa m'gulu lomwelo amene amapita ku Limbe mwezi uliwonse, amene nyumba yake ili kale ndi mabeseni ndi mapoto okwanira, yankho likanatembenuka. Pamenepo khadi la mwana wa a Nambewe likanakhala labwino kuposa ndowa.

Kupanga khadi lanu pamsika pomwe pano

Njira imene a Nambewe atsatira pa K7,000 ija ndi khadi logulira ndithu, kungoti lopangidwa kwathu. Ili ndi ubwino wa khadi popanda ulendo, koma imafuna kusamala chifukwa ikudalira kukhulupirika kwa munthu mmodzi.

Sankhani golosale yokhazikika, imene mwini wake mumamudziwa, ndipo lankhulani ndi mwini wakeyo, osati mnyamata wongomugwirira tsikulo. Alembe m'buku lake inu mukuona, ndipo akulembereni kapepala kokhala ndi dzina la wolandira, ndalama m'manambala ndi m'mawu, tsiku, ndi siginecha yake. Mawu ake akhoza kukhala achidule chonchi: "Ndalandira K7,000 kuti mayi a Yusufu atenge katundu amene akufuna. Yotsala ndidzawabwezera." Mawu omalizawo ndi ofunika, chifukwa ndi amene amathetsa vuto la chenji.

Pali msampha umodzi umene ambiri sauganizira. Wolandirayo akhoza kukhala ndi ngongole pagolosale yomweyo. Akafika ndi kapepala, mwini golosale n'kunena kuti ndadula pa ngongole ija, mphatso yanu yathera pomwepo ndipo mnzanu wachita manyazi. Muuzeni mwini golosale poyera kuti ndalama iyi ndi ya mphatso, siikhudzana ndi za m'buku. Akaonetsa kukayika, pitani kwina.

Ngati mukudziwa chimene munthuyo adzatenge koma simukufuna kumusenzetsa pa tsiku la mwambo, lipirani katundu osati ndalama. Palembedwe kuti mapaketi awiri a shuga ndi malita awiri a mafuta. Mtengo ukakwera sabata yamawa, shuga wake ndi yemweyo. Ndipo muuzeni kuti asachedwe kukatenga, pasanathe sabata imodzi kapena ziwiri.

Kwa telala njirayi imakoma kwambiri, chifukwa imathetsa vuto la saizi. Mumagula nsalu, mamita anayi ngati ndi ya diresi la munthu wamkulu, n'kukalipiriratu ndalama yosokera. Mwini wake amapita kukayezedwa n'kusankha kasokedwe kamene akufuna. Kumbukirani kuti Khirisimasi ndi Idi zikayandikira matelala amadzaza ntchito, ndiye gwirizanani tsiku lomaliza kusoka, lilembedwe pakapepala pomwepo.

Ndalama ya pafoni ndi mayunitsi

Airtel Money ndi Mpamba zili ndi ubwino umene khadi la m'sitolo lilibe: munthu amatapa kwa ejenti wapafupi n'kugula kulikonse. Ngati mwatsimikiza kuti foni ndi yakeyake, ndi njira yabwino kwa munthu amene ali kutali. Musanatsindike nambala yanu yachinsinsi, werengani dzina limene laoneka pafoni. Likakhala losiyana ndi limene mukulidziwa, imani kaye mufunse, chifukwa anthu ambiri amagwiritsa ntchito simu yolembetsedwa m'dzina la wachibale. Onjezerani yotapira, kuti K10,000 ikafike m'manja ili K10,000. Ndipo muimbireni ndi mawu anu kumuuza kuti mwatumiza. Mauthenga a akuba onena kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi achuluka moti munthu akalandira ndalama kuchokera ku nambala yachilendo amachita mantha, ndipo wina akhoza kumunamiza kuti abweze.

Ndalama ili ndi kufooka kwake. Ikalowa m'nyumba imapita ku chimene chapsa tsiku limenelo, ndiwo, chigayo kapena ngongole. Zimenezo si zoipa, ndipo kwa banja limene lili pa mavuto ndi thandizo lenileni. Koma ngati cholinga cha gulu ndi choti aliyense atsale ndi kanthu komukumbutsa mnzake, ndalama yokha siikwaniritsa zimenezo. Palinso magulu amene amaletseratu kupereka ndalama pa mwambo wa mnzako wachinsinsi, ndiye funsani kaye malamulo a gulu lanu.

Mayunitsi a foni gulani mutadziwa ngati munthuyo ali pa Airtel kapena TNM. A magetsi a ESCOM ndi ovutirapo: manambala 20 aja amagwira pa mita imodzi yokha imene munatchula pogula, ndiye mukalakwitsa nambala ya mita mwagulira nyumba ina. Ndipo ngati mnzanuyo amachita lendi pamalo pamene mabanja angapo amagawana mita imodzi, mphatso yanu idzawalira onsewo.

Kwa amene muli ku Joni ndi m'tauni

Amene muli ku South Africa mwazolowera makadi otere, ndipo kumeneko lamulo loteteza ogula la 2008 limanena kuti khadi lolipiriratu lisathe ntchito pasanathe zaka zitatu. Lamulo limenelo ndi la kumeneko. Khadi limene mwagula ndi marandi linapangidwira masitolo a dziko limenelo, ndiye musalitumize kumudzi poganiza kuti sitolo ya dzina lofanana ku Malawi idzalilandira, pokhapokha sitoloyo itakutsimikizirani. Ngati mukufuna kupereka mphatso kwa mlamu wanu watsopano amene simunamuonepo, tumizani ndalama kudzera ku Mukuru kapena njira ina yovomerezeka kwa mchemwali wanu amene ali pamudzi, iye agule katundu kuno atafunsa ankhoswe.

Amene muli ku Blantyre kapena ku Lilongwe ndipo mwatsimikiza kuti khadi ndi loyenera, funsani zinayi musanalipire: lidzatha liti, likugwira kunthambi ziti, yotsala imasungika kapena imatayika, ndipo likatayika amatani. Lisiti musalitaye. Lijambuleni pafoni, lenilenilo muliike mu envulopu limodzi ndi khadi, ndipo mulembe kunja ndalama yake, dzina la sitolo ndi tsiku lothera. Wolandira ngati sanagwiritsepo ntchito khadi lotere, mufotokozereni kuti alipereke kwa wolandira ndalama asanayambe kuwerengera katundu, komanso anyamule kandalama kapadera kowonjezera ngati zapitirira. Sitolo ikakana khadi limene lili ndi ndalama ndipo tsiku lake silinathe, yambani kwa manejala muli ndi lisiti m'manja. Zikakanika, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la CFTC, limalandira madandaulo a ogula.

Kumene pepala silikwanira

Pali maulendo ena amene mwambo unasankha kale. Mukamakaonekera koyamba kwa apongozi kapena kwa asewere anu, simungatulutse khadi m'thumba. Mumapita ndi zooneka, nkhuku, shuga, chitenje cha amayi, mwina ndi kandalama kopereka kudzera mwa ankhoswe. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika, ndipo pa ubale umene ukuyamba kumene anthu a pamudzi amafuna aone chimene chaikidwacho. Pa maliro chipepeso ndi ndalama, ufa, nkhuni kapena ndiwo, zimene zikufunika tsiku lomwelo. Pa perekaniperekani wa ukwati ndi ndalama yoponya. Khadi lili ndi malo ake pa mphatso ya banja latsopano limene likakhale m'tauni, makamaka mukadziwa kuti mbale ndi makapu adzalandira zambiri zofanana.

Magulu amene amachita za mnzako wachinsinsi chaka ndi chaka akhoza kuchepetsa vuto lonseli pa tsiku lolemba mayina. Aliyense pakapepala kake alembe dzina, kenako zinthu zitatu zimene angakondwere nazo zosapitirira ndalama imene mwagwirizana, saizi ngati watchula nsapato kapena chovala, ndi chimodzi chimene safuna. Wosadziwa kulemba amunong'oneze mlembi. Gwirizananinso pomwepo ngati ndalama, khadi kapena kapepala ka kugolosale n'zololedwa, ndipo mlembi alembe zimenezo m'buku la gulu timapepala tisanaponyedwe m'mbale.